Kapu, kuwerenga kapena sikelo: mlingo woyenera wa nsomba ndi zipatso zouma m'malo mwa zaziwisi

Malangizo a kaphikidwe akanena kuti pafunika nsomba yaiwisi yolemera magalamu 800, pamene m'nyumba muli youma yokhayokha, wophika amayenera kusankha kuti ayeza yochuluka bwanji. Vuto lomweli limakhalapo pamene keke ikufuna maapozi aawisi koma omwe alipo ndi ouma, kapena pamene munthu wauzidwa kuchipatala kuti azidya zipatso za mlingo wakutiwakuti patsiku, iye n'kukonda mphesa zouma chifukwa siziwonongeka msanga. Anthu amayeza m'njira zinayi: ena amagwiritsa ntchito kapu, ena amawerenga chimodzichimodzi, ena amayamba aviika chouma m'madzi kenako n'kuchiika pasikelo, ndipo ena amachiyeza chili chouma atawerengera madzi amene anachokamo. Njira zimenezi sizipereka yankho lofanana, ndipo nthawi zina yankho la njira ina limaposa la inzake kawiri.

Chimene kuumitsa kumachotsa ndi madzi, ndipo madziwo ndi amene amapanga gawo lalikulu la kulemera kwa chakudya chachiwisi. Mnofu wa nsomba yopanda mafuta ambiri umakhala ndi madzi pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, kutanthauza kuti pa kilogalamu imodzi, magalamu 200 okha ndiwo mapuloteni, timafuta ndi zina zomanga thupi. Mphesa zaziwisi zili ndi madzi pafupifupi 81 peresenti, maapozi pafupifupi 86 peresenti. Gawo lotsalalo, lomwe tilitchule kuti gawo lolimba, silichepa kwenikweni poumitsa, choncho mlingo wolondola wa chouma ndi umene uli ndi gawo lolimba lofanana ndi la chachiwisi chimene chikulowedwa m'malo. Ubwino kapena kuipa kwa njira iliyonse mwa zinayizi kumaoneka poona kuti ikufika pafupi bwanji ndi mlingo umenewu.

Kuyeza ndi kapu

Njira ya kapu ndi yofala kwambiri pa zipatso, ndipo ili ndi chiyambi chodziwika, chifukwa malangizo a kadyedwe a boma la United States amawerengera theka la kapu ya zipatso zouma ngati kapu yathunthu ya zaziwisi. Lamuloli n'losavuta kukumbukira, koma likayesedwa pa mphesa limaonetsa kufooka kwake. Kapu ya mphesa zaziwisi imalemera pafupifupi magalamu 150 ndipo imapereka makalori ongopitirira pang'ono 100, pamene theka la kapu ya mphesa zouma limalemera magalamu oposa 70 ndipo limapereka makalori oposa 200. Munthu wotsatira lamuloli amadya shuga wochuluka kawiri kuposa amene akanadya pa mphesa zaziwisi, iye akuganiza kuti wasinthanitsa zofanana.

Malangizo a zaumoyo a ku Britain amayeza ndi kulemera, ndipo amati magalamu 30 a zipatso zouma amalowa m'malo mwa magalamu 80 a zaziwisi. Uku n'kuyandikirako, ngakhale kuti pa mphesa mlingowu ukadali wokwera, popeza gawo lolimba la magalamu 80 a mphesa zaziwisi limapezeka m'magalamu 18 okha a zouma. Malamulo awiriwa anapangidwa kuti athandize anthu kuwerengera ngati adya zipatso zokwanira patsiku, ndipo pa cholinga chimenecho ndi abwino ndithu. Munthu wa matenda a shuga, amene galamu iliyonse ya shuga amaiwerengera, sayenera kuwadalira.

Pa nsomba, kapu ndi yosathandiza n'komwe. Nsomba zouma ndi zopindikapindika ndipo zimasiya mipata yambiri m'kapu, moti kapu ya nsomba zathunthu ndi kapu ya zophwanyikaphwanyika za mtundu womwewo zimalemera mosiyana kwambiri.

Kuwerenga chimodzichimodzi

Njira yachiwiri imaoneka yachibwana, koma ndi yanzeru kuposa kapu. Nsomba imodzi ikauma imakhalabe nsomba imodzi, ndipo zomanga thupi zimene inali nazo zimakhalabe momwemo, choncho ngati chakudya chimafuna nsomba zinayi zaziwisi za msinkhu winawake, nsomba zinayi zouma za mtundu ndi msinkhu womwewo zimakwanira. Utali wa nsomba umachepa pang'ono chabe poumitsa poyerekeza ndi kunenepa kwake, ndiye poyerekeza msinkhu ndi bwino kuyang'ana utali ndi kukula kwa mutu. Cholakwika chimene ambiri amachita n'kuona kuti nsomba zinayi zouma zikuoneka zochepa mumphika, n'kuwonjezera zina zinayi. Nkhuyu zimawerengeka bwino m'njira yomweyi, chifukwa zimaumitsidwa zathunthu.

Malire a njirayi ndi oonekeratu pa zinthu zoduladula, monga mango kapena maapozi ouma, pomwe palibe amene angadziwe kuti chipatso chimodzi chinatulutsa zidutswa zingati. Palinso msampha wina wobisika pa mphesa. Mphesa zimene amalima kuti aumitse zimakhala zazing'ono kuposa zimene amagulitsa kuti anthu adye zaziwisi, moti mphesa yaiwisi yogulitsa ingalemere magalamu 5, pamene youma imodzi imalemera pafupifupi theka la galamu. Wowerenga imodzi pa imodzi amapeza theka lokha la mlingo woyenera, ndiye kuti pa mphesa kapu imapitirira muyezo pomwe kuwerenga kumaperewera.

Kuviika kenako n'kuyeza

Ophika ena amaganiza kuti popeza madzi ndiwo anachoka, kuwabwezera kuthetsa nkhani yonse: aviike chouma mpaka chifewe, kenako ayeze kulemera kumene malangizo anena. Maganizowa akanakhala olondola chouma chikanamamwa madzi onse amene chinataya, koma sichitero. Kuuma kumalimbitsa mapuloteni a mnofu wa nsomba ndipo kumawononga timatumba ting'onoting'ono tosunga madzi m'chipatso, moti ngakhale chikhale m'madzi nthawi yaitali bwanji, sichibwerera pa kulemera kwake koyamba. Nsomba youma gwa yopanda mchere, imene inachepa kanayi kapena kasanu poumitsa, ikaviikidwa imalemera kawiri kapena katatu basi. Nsomba yamchere imawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a kulemera kwake. Amene akuwonjezerabe nsomba yoviika mpaka sikelo ifike pa magalamu 800 amakhala wagwiritsa ntchito youma yoposa yoyenera ndi theka, mwinanso kawiri.

Komabe njirayi ili ndi malo ake. Ngati chofunika n'chakuti aliyense alandire chidutswa chooneka m'mbale yake, kapena kuti zipatso zidzaze chitumbuwa mpaka pamwamba, kulemera kwa choviika ndiko kumanena zoona za kuchuluka kumene maso adzaone. Wophika azingodziwa kuti chakudyacho chikhala chokhutitsa kwambiri ndiponso chamkoma wamphamvu kuposa chimene malangizo amayembekezera.

Sikelo ndi kuwerengera madzi

Njira yachinayi imafuna sikelo ya m'khitchini ndi masamu ochepa, ndipo ndi imene ndimaiona kuti ndi yodalirika pa chakudya chilichonse chimene mlingo wake uli wofunika. Pali masitepe awiri: kupeza gawo lolimba la chachiwisi, kenako kuligawa ndi gawo lolimba la chouma chimene chilipo. Titenge nsomba ija ya magalamu 800, yomwe ndi mnofu wopanda mafuta ambiri wodyetsa anthu anayi. Popeza madzi ndi 80 peresenti, gawo lolimba ndi magalamu 160. Funso lotsala n'lakuti nsomba youma ili pamanjayo ndi yamtundu wanji, chifukwa dzina lakuti nsomba youma limaphatikiza zinthu zosiyana kwambiri.

Nsomba youmitsidwa padzuwa kapena pamphepo popanda mchere, imene imathyoka ikapindidwa, imatsala ndi madzi pafupifupi 15 peresenti, choncho magawo 85 pa 100 ndi nsomba yeniyeni. Kugawa 160 ndi 0.85 kumapereka pafupifupi magalamu 190, ndipo apa ndi pamene pamachokera mwambi wa ophika wakuti youma ikhale gawo limodzi mwa magawo anayi a yaiwisi. Nsomba yothiridwa mchere wambiri isanaumitsidwe ndi nkhani ina. Mcherewo ndi umene umaiteteza kuti isaole, choncho saiumitsa kwambiri, ndipo imatsala ndi madzi pafupifupi 45 peresenti pamodzi ndi mchere pafupifupi 18 peresenti. Nsomba yeniyeni ndi magawo 37 okha, ndipo kugawa 160 ndi 0.37 kumapereka pafupifupi magalamu 430. Wogwiritsa ntchito lamulo la gawo limodzi mwa anayi pa nsomba yamchere amapatsa anthu ake mapuloteni osafika theka la amene amayenera kulandira.

Nsomba yowamba pautsi ili pakati, ndipo ndi imene imasokoneza kwambiri. Yowamba kwa maola ochepa, imene mnofu wake ndi wofewa ndipo chala chikadina chimasiya kadzenje, ingakhale ndi madzi pafupifupi 60 peresenti, ndiye pafunika magalamu 400. Yowamba masiku angapo mpaka kuuma gwa imawerengedwa ngati youma padzuwa, magalamu 190 mpaka 200. Popeza wogula sauzidwa kuchuluka kwa madzi, manja ndiwo amagamula: yothyoka ndi youma kwambiri, yopindika ngati chikopa osathyoka ili pakatikati ndipo ingayesedwe kuti ili ndi madzi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, pomwe yofewa ikadali ndi madzi oposa theka.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasintha masamu amenewa. Choyamba ndi mafuta. Nsomba yamafuta ambiri imakhala ndi madzi ochepa, nthawi zina 65 peresenti, chifukwa mafuta amatenga malo a madzi m'mnofu. Pa magalamu 800 a nsomba yotere gawo lolimba ndi magalamu 280, ndipo youma yofanana nayo ndi pafupifupi magalamu 330, osati 190. Chachiwiri ndi mutu ndi minga. Masamu onsewa akuyerekeza mnofu ndi mnofu, koma nsomba yaikulu yathunthu mnofu wake sumapitirira kwenikweni theka la kulemera kwake, choncho ngati malangizo akunena za mnofu wokhawokha pamene youma ili ndi mutu, chikopa ndi minga, mlingo uyenera kuwonjezedwa, mwina mpaka kawiri. Njira yosavuta ndiyo kuyamba mwachotsa zosadyedwazo kenako n'kuyeza. Tinsomba ting'onoting'ono timene timadyedwa tathunthu sitifuna kuwonjezera kumeneku, ndipo minga yake imapereka kashiamu wambiri amene mnofu wokha supereka.

Mchere uyenera kuganiziridwa paokha, chifukwa ndi umene umawononga zakudya zambiri zoterezi. Magalamu 430 aja a nsomba yamchere ali ndi mchere pafupifupi magalamu 77, pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku. Ikaphikidwa osaviika, aliyense mwa anthu anayi aja angadye pakamodzi mchere wa masiku pafupifupi anayi, ngati n'kotheka n'komwe kuimeza. Nsomba yotere imatsukidwa kaye kuti mchere wa pamwamba uchoke, kenako imaviikidwa m'madzi ozizira ambiri kwa maola 24 mpaka 48 malinga ndi kukhuthala kwa zidutswa, madziwo n'kumasinthidwa katatu kapena kanayi patsiku. Iviikidwe m'firiji kapena pamalo ozizira kwambiri, chifukwa mchere ukayamba kuchoka nsombayo imayamba kuwonongeka ngati yaiwisi. Poyesa ngati yakwanira, dulani kachidutswa pakati pa mbali yokhuthala, kawiritseni pang'ono n'kulawa, popeza m'mphepete mumasukuluka msanga pamene pakati pakadali powawa. Mchere wa m'malangizo usathiridwe mpaka chakudya chitatsala pang'ono kupsa, ndipo nthawi zambiri sufunikanso. Kwa munthu wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi, youma yopanda mchere ndiyo yoyenera kusankha ngakhale ili yovuta kufewetsa.

Youma yopanda mchere imafuna nthawi yosiyanasiyana: tinsomba ting'onoting'ono timafewa m'madzi ofunda pa mphindi 15 mpaka 30, pamene zikuluzikulu zouma gwa zimatenga usiku wonse kapena masiku angapo m'madzi ozizira. Mkoma wake ndi wamphamvu kuposa wa yaiwisi, motero mumsuzi umene nsomba yake ndi yongokometsera, ndi bwino kuyamba ndi magawo awiri mwa atatu a mlingo wowerengeredwawo, n'kuwonjezera mutalawa. Masamu sangathandize pa nsomba yowonongeka. Yomwe yasanduka yachikasu choderako n'kumanunkha mafuta akale, yomwe yachita nkhungu, yomwe yafumbwa n'kumatulutsa fumbi, kapena yamchere yomwe yayamba mawanga ofiirira oterera, ndi yofunika kuisiya.

Pa zipatso masamu ndi omwewo, koma vuto limasamukira ku madzi a mumtanda wa ufa. Titenge keke yofuna magalamu 400 a maapozi aawisi osenda. Gawo lolimba ndi 14 peresenti, kapena kuti magalamu 56. Maapozi ouma ofewa amakhala ndi madzi pafupifupi 30 peresenti, choncho kugawa 56 ndi 0.70 kumapereka magalamu 80, gawo limodzi mwa asanu. Ouma mpaka kuthyoka amafunika ocheperapo, pafupifupi magalamu 60. Mphesa zimatsatira gawo limodzi mwa magawo 4.5, pomwe nkhuyu, zomwe zili ndi madzi ocheperako zili zaziwisi, zimatsatira gawo limodzi mwa atatu.

Pakati pa magalamu 400 ndi 80 pasowa magalamu 320 a madzi, ndipo apa pali njira ziwiri zolakwira. Maapozi ouma akaikidwa mumtanda osaviika, amamwa madzi a mtandawo uli mu uvuni, ndipo keke imatuluka youma, yonyenyeka ikamadulidwa, zidutswa zapamwamba zitapserera n'kulimba. Koma kuthira madzi onse 320 mumtanda n'kulakwanso, chifukwa apozi laliwisi limasunga madzi ake ambiri m'kati mwake osawatulutsa onse, ndiye keke imakhala yonyowa pakati ndipo imaphwa ikazizira. Choyenera n'kuthira madzi otentha ongomiza zipatsozo, kuzisiya mphindi 20 mpaka 30 (mphesa zouma zimakwanira pa mphindi 10 mpaka 15), kuzitsanula bwino, ndi kusunga madzi otsalawo. Madzi amenewa ali ndi shuga ndi fungo la chipatso, ndipo amathiridwa mumtanda supuni imodziimodzi pokhapokha ngati ukuoneka wolimba kuposa mmene umakhalira nthawi zonse. Maapozi oviikawo adzalemera pafupifupi theka la magalamu 400 aja kapena kupitirirako pang'ono, ndipo zimenezo si chizindikiro chakuti mlingo waperewera.

Musanawerengere chilichonse, werengani zolembedwa papaketi, chifukwa si chipatso chouma chilichonse chimene ndi chipatso chokha. Mango ndi chinanazi chouma nthawi zambiri amazinyika m'madzi a shuga asanaziumitse, ndipo pamenepo gawo lina la kulemera ndi shuga wowonjezera, monga momwe zilili ndi mchere pa nsomba, choncho shuga wa m'malangizo ayenera kuchepetsedwa. Nthochi zouma zokhukhuta kawirikawiri zimakhala zokazinga m'mafuta, moti magalamu 100 amapereka makalori oposa 500, ndipo sizingalowe m'malo mwa nthochi yakupsa pa mlingo uliwonse. Zipatso zina zouma zowala bwino zimakhala zothiridwa mankhwala a salufa oteteza mtundu, omwe amatha kuyambitsa kubanika kwa anthu ena odwala mphumu.

Pali zakudya zina zimene njira zinayi zonsezi sizigwira, chifukwa chimene chinatayika si madzi okha. Vitamini C amawonongeka kwambiri ndi kutentha ndi mpweya pa nthawi youmitsa, motero munthu amene amadya zipatso pofuna vitamini ameneyu sangamupeze pochulukitsa zouma, amangochulukitsa shuga. Chipatso chachiwisi chimakhutitsanso chifukwa cha madzi ake, pamene magalamu 30 a mphesa zouma amatha m'kamwa kawiri kapena katatu munthu asanamve kuti wadya kanthu, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kuyeza mlingo wa tsikulo n'kuuika padera m'malo modyera m'paketi. Nsomba nayo, mnofu wouma ukafewa umakhala wa ulusiulusi ndi wotafunika, ndipo umayenera mumsuzi, m'zophika nthawi yaitali ndi m'zosakaniza ndi masamba kapena mbatata. Ngati malangizo akunena za nsomba yootcha kwa mphindi zochepa, yophika ndi nthunzi, kapena saladi ya zipatso zamadzi, ndi bwino kusintha chakudyacho kapena kudikira mpaka zaziwisi zitapezeka.